Chatsitsa dzaye n'chiyani?

Umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Mawu amenewa amamveka pabwalo la milandu, wodandaula akathamangira kuonetsa bala lake n'kusiya kufotokoza kumene nkhani inayambira. Akuluakulu sakana kuti mnyanga wathyoka, pakuti aliyense akuuona. Chimene akufuna ndi kuyenda chobwerera, kuchoka pa mnyanga kufika pa dzaye, kuchoka pa dzaye kufika pa chimene chinaligwedeza mumtengo, kaya ndi mphepo, kaya ndi nyani, kaya ndi njovu yomweyo pamene inkadzikanda patsinde. Nambala iliyonse imene timawerenga m'lipoti la kafukufuku ili ngati mnyanga umenewu. Ndi mapeto a zinthu zambiri zimene zinachitika m'mbuyo: wina anafunsa funso, wina analemba yankho, wina analilowetsa m'kompyuta, wina anakonza zimene anaziona ngati zolakwika, wina anawonkhetsa n'kugawa. Mfundo yanga ndi yakuti nambala imene mwini wake sangathe kuilondola chobwerera mpaka pa yankho loyamba lija si umboni, ngakhale itakhala yolondola, ndipo njira yolondolera imeneyi imamangidwa ndi zinthu zooneka zazing'ono: dzina la fayilo, foda imene fayiloyo yaikidwa, ndi mbiri yolembedwa ya kusintha kulikonse.

Kuti izi si nkhani ya ukhondo chabe, taonani zimene zinachitika ku Amereka. Mu 2010 akatswiri awiri a zachuma, Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff, anatulutsa kafukufuku wonena kuti ngongole ya boma ikapitirira 90 peresenti ya chuma chimene dziko limapanga pachaka, chumacho chimasiya kukula, mwinanso kubwerera pansi pang'ono. Andale a maiko olemera anagwiritsa ntchito mawuwa poikira kumbuyo zochepetsa ndalama zimene boma limawononga. Patapita nthawi, wophunzira wina wa pa yunivesite ya Massachusetts Amherst, Thomas Herndon, anayesa kubwereza masamuwo pogwiritsa ntchito deta imene inali poyera, koma yankho silinkatuluka lofanana. Zinatheka pokhapokha eni ake atamupatsa fayilo yeniyeni ya Excel imene anawerengeramo. M'menemo anapeza kuti powerengera avereji ya maiko 20, anasiya mizere isanu mosadziwa: Australia, Austria, Belgium, Canada ndi Denmark. Anapezanso zaka zina zimene zinasiyidwa, ndiponso kawerengedwe kamene kanapatsa chaka chimodzi cha dziko lina mphamvu yofanana ndi zaka zambiri za dziko linzake. Iye ndi aphunzitsi ake, Michael Ash ndi Robert Pollin, atakonza zonsezi mu 2013, nambala inachoka pa -0.1 peresenti n'kufika pa 2.2 peresenti. Mizere isanu ija inali gawo laling'ono chabe la kusiyanaku, ndipo chilungamo chimafuna kuti tinene zimenezo. Koma chofunika kwa ife ndi ichi: deta inalipo, lipoti linalipo, ndipo kwa zaka zitatu palibe amene anatha kuyenda kuchoka pa chimodzi kufika pa chinzake, chifukwa zimene zinachitika pakati zinali m'fayilo imodzi pa kompyuta ya eni ake. Ubwino wake fayiloyo anaisunga. Ikanatayika, kapena akanailembapo zina pamwamba, mkanganowo ukanangokhala wa mawu basi.

Tibwere pafupi ndi kwathu ndi chitsanzo chongoyerekeza. Tinene kuti gulu lina likutolera mitengo ya chimanga Lolemba lililonse m'misika inayi: Lizulu, Mitundu, Lunzu ndi Jenda. Sabata ina misika itatu yatumiza mitengo ya kilogalamu imodzi: K780, K820 ndi K800. Wachinayi watumiza K42,000. Avereji ya zinayizi ndi K11,100, ndipo aliyense akuona kuti pali cholakwika. Woyamba kutsegula fayiloyo akuganiza kuti nambalayo ndi yotayika, akufufuta mzere wonse, n'kupeza avereji ya K800. Akusunga fayilo yake ndi dzina lakuti `mitengo_final.xlsx` n'kuitumiza pa WhatsApp. Mnzake, amene ali ndi kope lina, akukumbukira kuti wotolera mitengo kumsika uja amakonda kufunsa mtengo wa thumba la makilogalamu 50, choncho akugawa K42,000 ndi 50, akupeza K840, ndipo avereji yake ikukhala K810. Iye akusunga yake ngati `mitengo_final2.xlsx`. Pakutha kwa miyezi isanu ndi umodzi lipoti likutuluka, tebulo likunena K800, chithunzi cha pa tsamba lotsatira chikuonetsa K810, ndipo wopereka ndalama akufunsa kuti yoona ndi iti.

Vuto la nkhaniyi si kukula kwa kusiyanako, pakuti K10 si kanthu. Vuto ndi lakuti nambala zonse ziwiri zikuoneka zanzeru. K11,100 imadziulula yokha, koma K800 ndi K810 zimatha kukhala m'lipoti zaka zambiri popanda wozikayikira. Ndipo ngati onse awiri anakonza m'fayilo yoyamba yomweyo, K42,000 ija kulibenso kulikonse. M'kope limodzi mzere unafufutidwa, m'kope linalo muli K840 ngati kuti ndi mmene inabwerera kuchokera kumsika. Madzi akatayika saoleka. Palibenso amene angabwerere kwa wotolera mitengo uja kukamufunsa ngati linali thumba kapena chala chinangoterereka, chifukwa palibe akukumbukira kuti panali funso.

Pachifukwa chimenechi, chinthu choyamba, chimene ndimachiona chachikulu kuposa zonse, ndi chakuti deta yobwera kuchokera kumene inatoleredwa isakhudzidwe. Ikhale ndi foda yakeyake, ndipo ikangolowamo itsekedwe kuti izitheka kuwerengedwa kokha. Mafoda a ntchito yonse angathe kukhala ochepa chonchi:

```
mitengo_chimanga/
  README.txt
  01_yaiwisi/
  02_malangizo/
  03_yokonzedwa/
  04_zotsatira/
```

Manambala a kutsogolowo akuonetsa kumene ntchito ikulowera. Deta imachoka mu 01, imadutsa m'malangizo a mu 02, imatuluka yokonzedwa mu 03, ndipo matebulo ndi zithunzi za lipoti zimagwera mu 04. Palibe chobwerera m'mbuyo. Kugawa K42,000 ndi 50 sikuchitika ndi dzanja m'tebulo, koma kumalembedwa mu 02 ngati langizo: pa tsiku lakuti, msika wakuti, gawani ndi 50, chifukwa wotolera anatsimikiza pa foni kuti unali mtengo wa thumba. Kwa odziwa R, Stata kapena Python, langizoli ndi mizere iwiri ya pulogalamu. Kwa amene amagwira ndi Excel yokha, ndi tebulo lapadera lolembamo mzere umene wasinthidwa, nambala yakale, nambala yatsopano, chifukwa chake, ndi amene wasintha. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati mungafufute mafoda 03 ndi 04 lero n'kuwapanganso mawa kuchokera mu 01 ndi 02, ntchito yanu ndi yobwerezeka. Ngati mtima ukugunda pongoganiza zowafufuta, ndiye kuti muli china chimene chinapangidwa ndi dzanja osalembedwa.

Wina angati kungotsegula fayilo kuti uone zimene zilimo sikuwononga kanthu. Kumawononga. Excel ikatsegula fayilo ya CSV imadziganizira yokha mtundu wa zimene zili m'kolamu iliyonse. Nambala ya foni yoyamba ndi 0 imataya 0 wakeyo. Tsiku lolembedwa 03/04/2024, limene kwathu timawerenga kuti 3 Epulo, kompyuta yotcheredwa mwa Chiamereka imalitenga ngati 4 Malichi. Munthu akangodina `Save`, kusinthako kwakhazikika. Akatswiri a za majini anavutika ndi zimenezi kwa zaka zambiri: jini yotchedwa SEPT2 inkasanduka tsiku la 2 Sepitembala, MARCH1 n'kusanduka 1 Malichi. Kafukufuku wa mu 2016 anapeza zolakwika zotere m'pepala limodzi mwa mapepala asanu alionse a sayansi amene anali ndi mindandanda ya majini mu Excel, ndipo mu 2020 komiti yopereka maina a majini a munthu inangosintha mainawo, MARCH1 n'kukhala MARCHF1. Ngati izi zinachitikira anthu amene ntchito yawo yonse ndi deta, fayilo yathu ya mitengo siingapulumuke mwamwayi.

Tsopano za dzina. Dzina la fayilo lili ndi owerenga awiri, munthu ndi kompyuta, ndipo liyenera kuwakomera onse. Munthu akufuna kudziwa zimene zilimo asanatsegule. Kompyuta imangondandalika maina motsatira zilembo, kuyambira kumanzere. Ndiye chifukwa chake tsiku liyenera kuyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, monga mmene muyezo wa ISO 8601 umanenera: `2024-03-04_lizulu_mitengo.csv`. Mukalemba mwachizolowezi, fayilo ya 04-03-2024 imakhala pamwamba pa ya 12-02-2024, ngakhale kuti Febuluwale amayamba Malichi asanafike, ndipo pakutha chaka mafayilo 52 a msika umodzi amakhala atasakanikirana. N'chimodzimodzi ndi manambala: mukalemba 1, 2, mpaka 12, mapulogalamu ambiri amaika 10, 11 ndi 12 patsogolo pa 2, pamene 01, 02 amakhala m'malo mwake. Mipata pakati pa mawu ndi zizindikiro ngati apositirofi, imene Chichewa chimaikonda kwambiri, zimasokoneza malamulo olembedwa, motero m'dzina la fayilo ndi bwino kuzisiya. Ndipo dzina la msika lilembedwe mwanjira imodzi nthawi zonse, chifukwa pa makompyuta a Linux `Lizulu` ndi `lizulu` ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Mawu akuti `final` asapezeke m'dzina ngakhale pang'ono. Sanena zimene zili m'fayilo. Amangonena mmene mwini wake ankamvera tsiku limenelo, ndipo mawa lake, ndemanga zikabwera, amakhala atasanduka bodza. Dzina labwino limanena zinthu zimene sizidzasintha: liti, kuti, chiyani. Chitsanzo chabwino tili nacho pakhomo. Deta ya kafukufuku wa mabanja amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba imachita mogwirizana ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse imabwera m'mafayilo a maina onga `hh_mod_b`, kutanthauza gawo B la mafunso a pabanja, limene ndi mndandanda wa anthu a m'nyumbamo. Dzinalo silokongola, koma wofufuza amene sanafikepo ku Zomba angathe kulitenga n'kutsegula pepala la mafunso pa gawo lomwelo, n'kuona funso lenileni limene linabala nambala imene ali nayo.

Kuti kandandalikidwe ka maina kangathe kusintha yankho la sayansi, zinaoneka mu 2019. Ofufuza a ku yunivesite ya Hawaii ankagwiritsa ntchito timapulogalamu ta Python timene tinafalitsidwa mu 2014 tothandiza kudziwa kapangidwe ka mankhwala. Anadabwa kuona kuti deta imodzimodzi ikupereka mayankho osiyana pa makompyuta osiyana. Chifukwa chake chinali chakuti pulogalamuyo inkatenga magulu awiri a mafayilo n'kuwaphatikiza awiriawiri, poganiza kuti kompyuta iwapereka atandandalikidwa kale motsatira maina. Makompyuta ena ankatero, ena ayi, ndipo fayilo inkaphatikizidwa ndi ina imene si inzake popanda chenjezo lililonse. Kukonza kwake kunali kongouza pulogalamuyo kuti iziyamba yandandalika mafayilowo. Phunziro lake ndi lakuti maina abwino paokha sakwanira. Malangizo nawo azinena poyera fayilo imene akuwerenga, ndi dongosolo limene akuiwerengera.

Pali otsutsa amene amati zonsezi ndi zachikale, chifukwa kompyuta imasunga yokha tsiku limene fayilo inasinthidwa, ndipo Google Drive kapena OneDrive zimasunga makope akale. Mbali ina akunena zoona, ndipo kope lakale la pa intaneti lapulumutsa anthu ambiri. Koma tsiku limene kompyuta imalemba silidalirika: fayilo ikadutsa pa imelo kapena pa WhatsApp nthawi zambiri imatenga tsiku limene yatsitsidwa, motero yakale imaoneka yatsopano. Makope a pa intaneti ena amafufutika pakapita nthawi. Choposa zonse, makopewo amakuuzani kuti fayilo inasintha Lachitatu madzulo, koma sakuuzani chifukwa chake. Pa nkhani yathu ija angakuonetseni kuti K42,000 inasanduka K840, koma sanganene ngati wosinthayo anaimbira foni kumsika kapena anangoganiza. Kusunga makope ndi kusunga mbiri ndi zinthu ziwiri. Mbiri ili ndi chifukwa.

Apa ndi pamene Git imathandiza. Linus Torvalds anaipanga mu 2005 kuti anthu ambiri azitha kulemba limodzi pulogalamu ya Linux, koma imagwira ntchito pa foda iliyonse. Mmalo mosunga mafayilo khumi a maina osiyana, mumakhala ndi fayilo imodzi ya dzina limodzi, ndipo nthawi iliyonse mukamaliza kusintha kwa tanthauzo mumaijambula pamodzi ndi mawu ofotokoza:

```
git add 02_malangizo/konza_mitengo.R
git commit -m "Jenda 2024-03-04: gawa ndi 50, unali mtengo wa thumba"
git tag lipoti-2024-09
```

Mzere wachitatuwo ndi umene anthu ambiri amauiwala. Umaika chizindikiro pa mmene ntchito yonse inalili tsiku limene lipoti linatumizidwa, kuti funso likadzabwera chaka chamawa mudzathe kubwerera pomwepo n'kupanganso tebulo lomwelo. Amene amadandaula kuti intaneti kwathu ndi yodula komanso yodukaduka adziwe kuti malamulo atatuwa safuna intaneti, mbiri yonse imakhala pa kompyuta yomweyo. Kutanthauzanso kuti kompyutayo ikabedwa mbiri imapita nayo, choncho kope lina liyenera kukhala kwina.

Komabe Git ili ndi malire, ndipo kuwabisa n'kunamiza anthu. Imaonetsa bwino kusiyana kwa mizere m'mafayilo a mawu wamba monga CSV ndi malangizo, koma pa fayilo ya Excel kapena Word imangonena kuti yasintha. Simakondwa ndi mafayilo aakulu, ndipo GitHub imakana fayilo yopitirira mamegabaiti 100. Choopsa kwambiri n'chakuti siiiwala. Fayilo yokhala ndi maina ndi manambala a foni a anthu ofunsidwa ikalowamo kamodzi, imakhalabe m'mbiri ngakhale mutaifufuta mawa lake. Motero deta yaiwisi ya anthu isalowe mu Git. Isungidwe pamalo otetezeka, ndipo mu Git mulowe chidindo chake chokha, chimene lamulo la `sha256sum` limatulutsa: mzere wa zilembo ndi manambala 64 umene umasinthiratu ngakhale kadontho kamodzi kokha kakasintha m'fayilo. Anthu awiri akafuna kudziwa ngati ali ndi fayilo imodzimodzi, amangoyerekeza zidindozo, osafunikira kutumizirana deta. Ndipo gulu limene silingathe kuphunzira Git chaka chino lisataye mtima. Maina okhala ndi `v01`, `v02`, pamodzi ndi fayilo imodzi yolembamo tsiku, chimene chasintha ndi chifukwa chake, zimagwira gawo lalikulu la ntchito yomweyo, bola fayilo yakale isalembedwenso pamwamba.

Chotsutsa cholimba kwambiri ndi cha nthawi. Wofufuza ali ndi tsiku loti apereke lipoti, ndipo palibe amene amamulipira chifukwa cha foda yooneka bwino. Izi ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake sindikhulupirira kuti nkhaniyi ingathe ndi kulangiza munthu mmodzimmodzi. Mtengo wa kulemba chifukwa ndi mphindi imodzi lero, ndipo amaulipira ndi wolembayo. Mtengo wa kusalemba ndi masiku ambiri mtsogolo, ndipo kawirikawiri amaulipira ndi wina: wolowa m'malo mwa amene kontirakiti yake inatha, kapena wophunzira amene akuyankha mafunso a omuyesa patatha zaka ziwiri. Pamene wolipira ndi wina, khama la munthu payekha silikhalitsa. Komanso mbewa zikachuluka siziika masa: foda imene anthu asanu ndi mmodzi amaponyamo mafayilo, aliyense akuganiza kuti mnzake akonza, imasokonekera msanga kuposa ya munthu mmodzi. Pafunika munthu mmodzi wodziwika amene yekha ndiye amalowetsa mafayilo mu 01, ndiponso tsamba limodzi la README lonena mmene maina amalembedwera, kumene deta inachokera, mtundu wa pulogalamu imene inagwiritsidwa ntchito, ndi langizo loyamba kuliyendetsa.

Zizindikiro zakuti ntchito yayamba kusochera zimaoneka msanga kwa amene akuziyang'ana. Chiwerengero cha mizere mu 03 chikasiyana ndi cha mu 01 popanda langizo lofotokoza kumene ina yapita, pali dzanja limene ladutsapo. Funso lakuti "fayilo yatsopano ndi iti?" likamayankhidwa ndi dzina la munthu mmalo mwa dzina la fayilo, ndiye kuti mbiri ya ntchitoyo ili m'mutu mwa munthu amene angathe kuchoka mwezi wamawa.

Choncho pempho langa likupita kwa inu amene mumalandira malipoti: oyang'anira ophunzira m'mayunivesite, akuluakulu a mabungwe, ndi opereka ndalama za kafukufuku. Musanasaine, sankhani tebulo limodzi m'lipotilo. Perekani mafoda 01 ndi 02 ndi README kwa munthu amene sanagwire nawo ntchitoyo, pa kompyuta ina, ndipo mumupatse tsiku limodzi kuti atulutse tebulo lomwelo osafunsa mwini wake. Tsiku limenelo liikidwe m'ndondomeko ndi mu bajeti kuyambira pachiyambi. Ngati manambala ake sakufanana ndi a m'lipoti, bwezani lipotilo.